Chingwe chimodzi chikuuzeni kuchuluka kwa chimanga chimene chamera m'munda mwanu

Pakatha masabata awiri chibzalire, alimi ambiri a ku Ulongwe, Domwe ndi Tsangano amaima pamutu pa munda n'kunena kuti chimanga chamera bwino kapena chamera modukiza. Diso lokha limanama, chifukwa limakopeka ndi pamene pabiriwira kwambiri. Koma chiweruzo cha tsiku limenelo n'chimene chimachititsa munthu kugulanso mbewu yopakizira, kapena kuthira feteleza wodula m'mizere imene muli mipata yambiri. Alangizi a zaulimi ali ndi njira yowerengera mbewu popanda kuyenda phando ndi phando. Amawerenga malo ochepa oyezedwa bwino, kenako n'kuchulukitsa. Njirayi siifuna makina. Chingwe, tepi yoyezera, kope ndi pensulo n'zokwanira.

Maziko ake ndi awa. Hekitala imodzi ndi malo a mamita 100 m'litali ndi 100 m'lifupi, kutanthauza masikweya mita 10,000. Mukawerenga chimanga pa masikweya mita 10 okha, mwawerenga gawo limodzi mwa magawo 1,000 a hekitala. Ndiye chiwerengero chimene mwapezacho mungochichulukitsa ndi 1,000. Ntchito yonse yagona pa kudziwa kutalika kwa mzere umene umakwana masikweya mita 10, ndipo zimenezi zimatengera kutalikirana kwa mizere yanu.

Choyamba yezani mizere

Musangoganizira kuti mizere yanu yatalikirana masentimita 75 chifukwa ndi mmene munafunira pogalauza. Khasu ndi pulawo ya ng'ombe sizitsata tepi. Ikani tepi pamsana pa mzere woyamba, muikoke modutsa mizere mpaka pamsana pa mzere wa nambala 11. Pamenepo mwadutsa mipata 10. Mukapeza mamita 9, ndiye kuti mzere ndi mzere zatalikirana masentimita 90. Mukapeza mamita 7 ndi theka, ndiye 75.

Tsopano dulani chingwe molingana ndi zimene mwapeza. Pa mizere ya masentimita 75, chingwe chikhale mamita 13 ndi masentimita 33. Pa ya 80 chikhale mamita 12 ndi theka. Pa ya 90 chikhale mamita 11 ndi masentimita 11. Mizere ikatalikirana kwambiri, chingwe chimafupika, chifukwa mzere uliwonse watenga malo aakulu m'mbali.

Apa m'pamene pamalakwika kawirikawiri. Munthu akabwereka chingwe cha mnzake cha mamita 13.33 n'kuchiyala m'munda wa mizere ya masentimita 90, wawerenga masikweya mita 12 m'malo mwa 10. Akapeza mbewu 42 aganiza kuti ali ndi 42,000 pa hekitala, pamene zoona zake ali ndi 35,000 zokha. Gwiritsani ntchito chingwe chosatamuka, ndipo muchiyezenso chikanyowa.

Musasankhe ndi maso poyala chingwe

Chinthu chachiwiri n'chimene chimavuta kuposa masamu. Munthu akamasankha yekha poti awerenge, mapazi amamutengera pamene pamusangalatsa, pafupi ndi chulu kapena pamene panali khola. Amene akufuna kudandaula za mbewu imene anagula amapita pamene pafa. Onsewo apeza nambala imene mtima unafuna kale.

Pofuna kupewa zimenezi, pangani lamulo musanalowe m'munda. Siyani mizere itatu ya m'mphepete, chifukwa imeneyo imalandira dzuwa lambiri komanso ndi imene mbuzi ndi odutsa amayamba kuwononga. Yendani mopingasa kuchokera pangodya ina kukafika pangodya ya tsidya lina, kenako mupingasenso kuchokera pa ngodya yachitatu. Nenani pasadakhale kuti muziima pa mapazi 20 alionse, kapena 15 ngati munda ndi waung'ono. Pamene phazi laima m'pomwepo poyambira chingwe, kaya pali pokongola kaya pali dazi. Mzere woyendamo woterewu akatswiri amautcha tiransekiti. Minda yambiri kuno ku Angonia ili pamtsetse, choncho njira yanu idutse kumtunda, pakati ndi kumunsi.

Pa malo aliwonse yalani chingwe motsata mzere, muwerenge mbewu zamoyo zonse. Werengani mbewu, osati mapando. Phando la mbewu zitatu ndi zitatu. Lembani nambala ya malo aliwonse payokha, ndipo pambali pake mulembe mawu amodzi, monga kumtunda, pachulu kapena kumunsi. Malo 10 ndi okwanira pa munda wosapitirira hekitala imodzi. Malo awiri kapena atatu ndi ochepa kwambiri.

Tiyese ndi munda wa theka la hekitala

Tiyerekeze munda wa theka la hekitala, wa mizere ya masentimita 75, wobzalidwa mbewu imodzi pa phando pa masentimita 25 alionse. Ndi kabzalidwe kamene anzathu a ku Dedza ndi Ntcheu amakatcha Sasakawa. Zonse zikamera, chingwe chimodzi chiyenera kupeza mbewu 53, kutanthauza pafupifupi 53,000 pa hekitala.

Mwini munda wayenda malo 10 ndipo walemba izi: 48, 51, 44, 50, 22, 47, 49, 19, 46 ndi 44. Akaphatikiza apeza 420. Akagawa ndi 10 apeza 42. Ndiye kuti m'mundamo muli mbewu pafupifupi 42,000 pa hekitala, kapena 21,000 pa theka la hekitala limene ali nalo. Amene anazolowera maekala, monga aja olima mbali ya ku Malawi, agawe ndi 2 ndi theka, apeza pafupifupi 17,000 pa ekala. Mwa mbewu 10 zilizonse zimene anabzala, pafupifupi 8 zilipo.

Akanaima pomwepa akanaganiza kuti munda wonse ukufunika kupakiza. Koma taonaninso manambalawo. Asanu ndi atatu ali pakati pa 44 ndi 51, ndipo awiri okha, 22 ndi 19, ndi amene agwa. M'kope mwake onse awiri alembedwa kuti kumunsi. Mukawachotsa, malo otsalawo akupereka 47 pa chingwe, chimene sichifuna kupakiza kwenikweni. Vuto lili pa chigawo chimodzi chokha cha kumunsi, kumene mwina madzi anakhazikika n'kuoletsa mbewu. Choyenera ndi kubwerera kumeneko, kuyeza kukula kwa chigawocho, ndi kuwerengako pakokha malo ena asanu. Ngati chigawocho chili mamita 50 m'litali ndi 20 m'lifupi, ndiye masikweya mita 1,000, ndipo mbewu zosowa ndi pafupifupi 3,300. Imeneyo ndi mbewu ya kilogalamu imodzi ndi pang'ono, osati thumba la munda wonse.

N'chifukwa chake manambala salembedwa mosakaniza. Akayandikana onse koma ali otsika, monga 35, 37, 34 ndi 36 munda wonse, ganizirani za mbewu yosamera bwino, kubzala mozamitsa, kapena ng'amba imene inabwera mutangobzala. Akamadumphadumpha, vuto lili pa malo: madzi, chiswe, mbewa kapena nkhwali. Fukulani mapando angapo opanda kanthu. Mbewu yoola ikunena za madzi kapena nthenda, mbewu youma yosasintha ikunena za kuchepa kwa chinyezi, ndipo phando lokumbidwa lopanda mbewu likunena za mbewa kapena mbalame.

Yerekezani ndi kabzalidwe kanu, osati ka mnzanu. Amene amabzala mbewu zitatu pa phando, motalikirana masentimita 90 mbali zonse, zonse zikamera amakhala ndi pafupifupi 37 pa chingwe cha mamita 11.11. Kwa iye 35 ndi nambala yabwino. Ndipo musachedwe kuwerenga. Chimanga chopakiza mochedwa chimakulira mumthunzi wa chinzake ndipo chimabereka timikonyo tating'ono.

Chimango cha udzu ndi kaufiti

Zomera zimene sizitsata mzere zimafuna chida china. Mangani chimango cha nsungwi kapena bango, mita imodzi mbali zonse zinayi, poyeza m'kati. Ndi chimene akatswiri amachitcha kwadirati. Muchiike pansi motsata lamulo lomwe lija la mapazi, muwerenge zimene zili m'kati. Chomera chikamera pansi pa nsungwi penipeni, muchiwerenge chikakhala pa mbali ziwiri zimene mwasankhiratu, koma pa mbali ziwiri zinazo muchisiye. Mukamawerenga za mbali zonse zinayi, chimango chanu chakula mosadziwa.

Chimangochi n'chothandiza kwambiri pa kaufiti. Kaufiti amamera m'timagulu, kotero pafunika malo 20 kapena kuposa, ndipo malo opanda kanthu muwalembe 0, musawadumphe. Mukapeza kaufiti 60 m'zimango 20, ndiye 3 pa sikweya mita. Nambala imeneyi phindu lake limaoneka chaka chamawa, mukawerenganso munda womwewo pa msinkhu womwewo wa chimanga, mutathira manyowa kapena mutasinthanitsa ndi soya. Kumbukirani kuti mukuwerenga amene watuluka yekha. Kaufiti amayamba kuyamwa mizu ya chimanga adakali pansi pa nthaka.

Koma musawerengere chimanga cha m'mizere ndi chimango. Pa mizere ya masentimita 75, chimango cha mita imodzi nthawi zina chimagwira mzere umodzi, nthawi zina iwiri. Munda womwewo ukhoza kukupatsani mbewu 4 kapena 8, kutanthauza 40,000 kapena 80,000 pa hekitala.

M'nkhalango ya mudzi

Komiti yoyang'anira nkhalango ingagwiritse ntchito nzeru yomweyi pofuna kudziwa ngati masuku ndi mitondo zikubwerera paphiri. Kokani chingwe cha mamita 50 kuchokera kumunsi kulunjika kumtunda. Munthu mmodzi ayende ndi ndodo ya mamita awiri, aziiyala kumanja ndi kumanzere kwa chingwe. Mtengo umene tsinde lake lili m'kati mwa ndodo uwerengedwe. Malowo ndi mamita 50 kuchulukitsa ndi 4, kutanthauza masikweya mita 200, choncho muchulukitse ndi 50. Mitengo 14 ikutanthauza 700 pa hekitala. Gwirizanani musanayambe kuti mphukira za chitsa chimodzi ndi mtengo umodzi, ndipo mulekanitse mitengo yopitirira msinkhu wa munthu ndi yaing'ono. Kokani zingwe zosachepera zisanu, zina kutali ndi njira ya otola nkhuni. Pothera chingwe chilichonse unjikani miyala, kuti chaka chamawa mudzadutse momwemo.

Kope la manambalawa mulisunge. Mukapita nalo kwa alangizi a ku SDAE, lembani pamwamba tsiku lobzala, tsiku lowerenga, mtundu wa mbewu ndi kutalikirana kwa mizere. Popanda zinayi zimenezi, mlangizi sangadziwe ngati 42 wanuyo ndi wambiri kapena wochepa.