Mendulo ili m'khosi: ulembenji pansi pa chithunzi?

Munthu akamaliza mpikisano wake woyamba wa mtunda wautali, miyendo imakhala itauma, mchere wa thukuta utayera kumaso, ndipo pasanathe mphindi khumi wina amakhala atamujambula kale mendulo ili m'khosi. Chithunzicho sichivuta. Chovuta ndi mawu oika pansi pake, aja achinyamata amati kapushoni, asanachiponye pa Facebook kapena pa WhatsApp. Apa ambiri amapunthwa mofanana: m'malo monena za ulendo wawo, amayamba kunena za anthu ena.

Tiyerekeze mayi wa zaka 38, wogwira ntchito mu ofesi ku Lilongwe, amene wathamanga makilomita 21 koyamba mu mpikisano ngati wa Be More Race umene banki ya Standard imakonza mumzindawu. Wamaliza pa maola 2 ndi mphindi 48. Mawu oyamba kumubwerera ndi akuti: "Ndamaliza ngakhale ndinali m'gulu la kumapeto. Ine si katswiri ayi, musandiseke." Akumveka odzichepetsa, ndipo kwathu kuno kudzichepetsa timakulemekeza. Koma taonani amene ali pakati pa chiganizocho. Ndi akatswiri aja, ndi oseka amene sanaseke n'komwe. Mwini mpikisano waima pakhomo akupepesa. Mawu akuti "ngakhale" ndiwo chizindikiro chake: akangopezeka mu kapushoni ya mtundu uwu, kawirikawiri kumbuyo kwake kwabisala munthu wina amene wolembayo akudziyeza naye.

Kuyerekeza kwina kumabwera monyada. "Pamene ena anali m'bulangete, ife tinali pamsewu." Kapena kulemba kuti wakhala wa nambala 412 ndi kuonjezera kuti wasiya anyamata ambiri kumbuyo. Kwa ine awa ndi matenda omwe aja, angosintha malaya. Amene anali m'bulangeteyo mwina wagwira ntchito usiku wonse kuchipatala, ndipo mnyamata wotsalayo mwina bondo lamuvuta pa kilomita 9.

Palinso chifukwa china, chosakhudza ulemu, chimene nthawi ya munthu wina siyenera kulowera m'mawu anu: manambala a mipikisano sayerekezeka mophweka. M'mipikisano yogwiritsa kachipangizo kowerenga nthawi, kamene kamamatidwa kuseri kwa nambala ya pachifuwa, zotsatira zimatha kuonetsa nthawi ziwiri. `Gun time` imayamba pamene mfuti yalira, ndipo `Chip time` imayamba pamene inuyo mwaponda mzere woyambira. Wongoyamba kumene amaima kumbuyo kwa khamu, choncho pa mpikisano waukulu nthawi ziwirizi zimasiyana ndi mphindi zingapo. Kenako pali njira. Makilomita opitirira pang'ono 20 a mpikisano wa Porters Race pa phiri la Mulanje, wokwera kuchokera ku Likhubula kukafika pamwamba n'kutsikanso m'miyala, si ofanana ndi makilomita 21 a phula la mu Lilongwe. Onjezerani dzuwa. Amene akumaliza pa ola limodzi ndi mphindi zochepa amathawa kutentha kukadali m'mawa, pamene mayi wathu uja ola lake lachitatu amalithamanga dzuwa litakwera, mwina madzi a pa matebulo ena atatha. Kunena zoona, awiriwa sanathamange mpikisano umodzi.

Nanga alembe chiyani? Alembe chimene tsamba la zotsatira silidziwa. Tsambalo likudziwa nthawi ndi nambala yake. Silidziwa kuti pamene ankayamba, miyezi inayi yapitayo, ankaima ndi befu asanafike pa chigayo cha pafupi ndi kwawo. Silidziwa kuti ankadzuka 4:30 kuti abwereko madzi osamba a ana asanafike pamoto, kapena kuti pa kilomita 16 akatumba anakokana mpaka anayenda wapansi mpaka pa tebulo la madzi lotsatira. Zinthu zimenezi palibe wina angazilembe, ndipo palibe angazitsutse.

Mawu ake achiwiri angakhale otere: "Makilomita 21, maola 2 ndi mphindi 48. Mu Febuluwale sindinkatha makilomita awiri osaima. Lero pa 16 miyendo inakana, ndinayenda pang'ono, kenako ndinayambiranso. Zikomo achemwali pondisungira ana Loweruka lililonse."

Muli kuyerekeza ndithu m'mawuwa, koma akudziyerekeza ndi iye mwini wa mu Febuluwale. Nthawi waitchula popanda kuipepesera. Ena amafunsa ngati kuli bwino kungoibisa. Ine ndimati itchuleni ngati ikukusangalatsani, isiyeni ngati simukufuna, koma musaiveke mawu oichepetsa. Maola 2 ndi mphindi 48 pa makilomita 21.1 ndiye kuti pafupifupi mphindi 8 pa kilomita iliyonse, kwa nthawi yotalika kuposa masewero a mpira wamiyendo athunthu ndi theka lina pamwamba. Ndipo pali wina pa foni yanu amene akulota zomaliza pa maola atatu. Mukatcha 2:48 kuti "yochititsa manyazi", mwamuuza chiyani iyeyo?

Za kuyenda wapansi zija musazichotse. Ambiri amaona ngati n'chinsinsi cha m'nyumba, chonsecho kuyenda pang'ono pa zitunda ndi pa matebulo a madzi ndi njira imene othamanga mitunda yaitali ambiri amaikonzeratu. Pa marathoni yathunthu, ya makilomita 42.195, thupi limakonda kugwa mphwayi cha pa kilomita 30 chifukwa shuga wosungidwa m'minofu amakhala atatsala pang'ono kutha. Amene wafika pamenepo n'kupitirira ali ndi nkhani yoti anene, ndipo nkhaniyo ili pa kilomita 30 pomwepo, osati pa mzere womalizira.

A Malawi okhala ku South Africa amaudziwa bwino mpikisano wa Comrades, wa pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, umene unayamba mu 1921. Ndi wa makilomita pafupifupi 90, ndipo mzere amautseka maola 12 akakwana. Omaliza mu ola lotsiriza, pakati pa 11 ndi 12, amalandira mendulo yotchedwa Vic Clapham, dzina la amene anayambitsa mpikisanowo. Dzina la mwini mpikisano analipereka kwa a kumapeto, ndipo khamu limakuwa kwambiri m'mphindi zomaliza zimenezo, opambana atasamba kalekale.

Musanaponye, dikirani mudye kaye. Mawu olembedwa munthu ali wefuwefu amatuluka ataliatali, othokoza dziko lonse, kapena owawa chifukwa cholinga cha maola awiri ndi theka chaphonyeka. Madzulo mutu umakhala utakumbuka chinthu chimodzi chenicheni, ndipo ziganizo zitatu kapena zinayi zimakwana. Ngati mukuika mapu a pa Strava a masiku okonzekera, onetsetsani kuti sakusonyeza geti la kwanu, chifukwa akuuza aliyense kumene mumatulukira mbandakucha muli nokha.

Funso lija lidzabwerabe. Alamu anu kapena mnzanu wa ku ofesi, ataona chithunzi, adzati: "Ndiye munakhala nambala chani?" Sakufunsa mwachipongwe. Ambiri mpikisano amene amaudziwa ndi wa kusukulu, wa mamita 100, kumene woyamba ankalandira kope ndi pensulo. Auzeni nambalayo ngati mukuidziwa, kenako muwauze kuti makilomita 21 ndi kuchoka pati kukafika pati pa msewu umene iwo amaudziwa, umene amaukwerera minibasi. Funso lachiwiri limakhala lakuti munayamba bwanji, ndipo ena amafunsanso mtengo wa nsapato.