Fizi Ikufunika Pakutha pa Mwezi: Nkhuku Kapena Mandasi?

Ndalama ikamafunika mwezi usanathe, anthu ambiri amayamba ndi kufunsa kuti geni yapindulitsa ndi iti. Ine ndimati funso loyamba likhale la masiku. Kuchokera tsiku limene ndalama ichoke m'manja mwanu, padzapita masiku angati kuti ibwerere? Geni ikhoza kukhala yabwino kwambiri, koma ngati ikulipira pa tsiku la 45 pamene sukulu ikufuna fizi pa tsiku la 30, mwana adzabwezedwa ndithu.

Tiyerekeze kuti mayi wina akufunika K150,000 m'masiku 30, ndipo ali ndi K60,000. Ziwerengerozi ndi zachitsanzo chabe, chifukwa mitengo ikusintha kawirikawiri. Inu muikemo za pamsika wakwanu. Anzake akumuuza kuti aŵete nkhuku zanyama, poti zikuyenda malonda. Sakunama. Koma nkhukuzi zimafuna masabata pafupifupi 6 kuti zifike pogulitsa, ndiye kuti masiku 42, osaŵerengera odikira anapiye mukaoda ndi ofufuza ogula. Choopsa china n'chakuti zimadya zisanalipire. Nkhuku imodzi imatha chakudya chokwana makilogalamu pafupifupi 4, choncho nkhuku 50 zimafuna matumba anayi a makilogalamu 50, kuwonjezapo katemera wa chitopa ndi gumboro komanso makala ofunditsira anapiye. Chakudya chochuluka zimadya m'masabata omalizira, nthawi yomwe ija mayiyu akusaka fizi. Pa tsiku la 30 adzakhala ndi nkhuku zosakhwima, m'thumba mulibe kanthu, ndipo adzazigulitsa motaya. Tomato wa kudimba ndi chimodzimodzi: kuchokera pofesa mpaka kuthyola pamapita miyezi itatu kapena kuposa.

Mandasi alibe ulemu ngati khola la nkhuku, koma ndalama yake imabwerera tsiku lomwelo. Tinene kuti mayiyu akugula fulawa, mafuta, shuga, yisiti ndi makala za K20,000, ndipo akagulitsa onse apeza K25,000. Phindu ndi K5,000 patsiku. Apa m'pamene ambiri amadzinamiza, pochulukitsa K5,000 ndi masiku 30 n'kupeza K150,000 yeniyeniyo. Mwezi sukhala wosalala chotero. Kudzagwa maliro, kudzagwa mvula, masiku oyamba mandasi adzatsala chifukwa makasitomala sanakuzolowereni. Ŵerengerani masiku 20 okha, ndipo mupeza K100,000. Yoperewera ndi K50,000.

Mayiyu ali ndi K40,000 imene sanailowetse mu geni, choncho chenicheni chimene akusowa ndi K10,000, ndipo mpamba wake wa K20,000 ukadalipo. Ichi n'chifukwa chake si nzeru kuthira ndalama yonse mu geni yapatsiku. Msika wa mandasi pamalo amodzi uli ndi malire, ndipo mukakazinga ochuluka mudzangowadya nokha madzulo.

Yotsalayo angaipeze pogulitsa nkhuku zachikuda kapena kubwereka. Ku banki m'khonde magulu ambiri amaika chiwongoladzanja cha pakati pa 10 ndi 20 peresenti pamwezi, ndiye K10,000 imabwezedwa K12,000 ikachulukitsa. Koma amabwereketsa mamembala, ndipo masheya anu simungawatenge pakati pa chaka, mpaka tsiku logawana. Wakatapila amapereka lero lomwe, koma nthawi zambiri amafuna theka pamwamba kapena kuwirikiza kumene pakutha pa mwezi, ndipo amagwira chikole. Phindu la mandasi silingathamangitsane ndi chiwongoladzanja chotere ngati ngongole ili yaikulu.

Musadikire tsiku la 28 kuti mudziwe ngati zikuyenda. Pa tsiku la 10 ŵerengani: phindu losungidwa liyenera kufika cha m'ma K30,000. Ngati silinafike, yang'anani zinthu ziwiri. Choyamba ndi ngongole za makasitomala, aja amati "ndipereka mawa". M'mwezi ngati uno mandasi angongole ndi ndalama yotayika. Chachiwiri ndi ndiwo ndi sopo zapakhomo zimene zikutuluka m'kambale ka geni mosazindikira. Chizindikiro chake n'chakuti m'mawa ndalama yogulira fulawa ikuperewera. Phindu la tsiku lililonse muziliika pafoni, ku Airtel Money kapena TNM Mpamba, koma osatapa pang'onopang'ono chifukwa kutapa kulikonse amadula.

Pali zinthu ziwiri zimene ndingapemphe kuti musazigulitse pofuna kufulumira. Chimanga cha chakudya mukachigulitsa nthawi yokolola mtengo uli pansi, mudzachigulanso modula m'Januwale. Mbuzi yabere nayo imangofuna miyezi isanu kuti iswe, ndipo wogula akaona kuti mwapanikizika sadzalipira mwana ali m'mimbayo. Ngati n'kofunika kugulitsa chiŵeto, gulitsani tonde.

Nkhuku zanyama sindikuzikana ayi. Ziyambeni fizi italipidwa, ndi ndalama imene mungathe kuiiwala kwa miyezi iwiri, ndipo musaode anapiye musanakhale ndi ndalama ya matumba onse anayi.