Kuphatikiza chithunzi chakale cha malemu ndi chithunzi chatsopano cha banja

Chithunzi cha kholo lomwe linamwalira chingathe kuikidwa pamodzi ndi chithunzi cha banja chojambulidwa posachedwapa, kuti malemuwo aoneke ali pakati pa ana ndi zidzukulu. Mabanja amafuna chithunzi chotere pa ukwati, pa tsiku lomaliza maphunziro kapena pa mwambo wa chiliza. Vuto lalikulu pa ntchitoyi ndi lakuti zithunzi ziwirizo zinajambulidwa ndi makamera osiyana, pa kuwala kosiyana, ndipo chakalecho chimakhala chitafwifwa. Wokonza amayenera kuzigwirizanitsa osasintha nkhope imene abale akuikumbukira.

Ntchito imayamba ndi kukopera chithunzi chakalecho mu kompyuta ndi makina a sikana. Kachithunzi kakang'ono kamafunika 600 dpi, ndipo kasungidwe ngati TIFF, chifukwa JPEG imataya tinthu tina nthawi iliyonse imene chithunzi chakonzedwa n'kusungidwanso. Kuchitumiza pa WhatsApp monga chithunzi wamba kumachichepetsa kwambiri. Chikakhala kuti chinamatirira ku galasi la fulemu, chisakokedwe, chifukwa nkhope ikhoza kutsalira pa galasipo. Chijambulidwe chili momwemo.

Zithunzi zakale zamitundu zimafiira kapena kuchita chikasu chifukwa utoto wake utatu suzilala mofanana. Mu mapulogalamu monga Photoshop kapena GIMP, wokonza amagwiritsa ntchito Levels kapena Curves, ndipo amayambira pa chinthu chomwe mtundu wake ukudziwika, monga kolala yoyera ya malaya. Kolalayo ikayera, khungu nalo limayandikira mtundu wake weniweni. Ming'alu ndi timadontho zimafufutidwa ndi Clone kapena Heal, koma chipsera, makwinya ndi mpata wa mano zimasiyidwa, chifukwa ana amazindikira kholo lawo ndi zinthu zomwezi. Mapulogalamu okonza nkhope paokha amakonda kupeka maso ndi mano atsopano, ndipo chotsatira chake chimakhala munthu wosalala khungu amene wangofanana ndi malemuwo.

Chitsanzo ndi cha bambo amene anajambulidwa mu situdiyo m'zaka za m'ma 1980, kuchokera kumutu kulekezera m'chiuno, ndipo akufunika pa chithunzi cha ukwati wa mwana wawo. Pa pepala, mutu wawo ndi wotalika masentimita 2. Pa 600 dpi mutuwo umatuluka ndi mapikiselo pafupifupi 470, pomwe pa 300 dpi sakwana 240. Ngati mitu ya anthu a pa ukwati ili ndi mapikiselo 400, chithunzi cha 600 dpi chimangochepetsedwa pang'ono, koma cha 300 dpi chikanafunika kukulitsidwa ndipo chikanaoneka mwachimbuuzi. Popeza miyendo yawo sinajambulidwe, bambowo amaikidwa mu mzere wakumbuyo, kumene matupi a anthu akutsogolo amabisa chosowacho. Msinkhu wawo amaufunsa kwa abale: ngati ankawapitirira mayi ndi mutu wonse, aoneke chomwecho.

Kuwala ndi kumene kumaulula ntchito yolakwika. Ngati nkhope ya bambo ikuwala kumanzere pomwe ena onse akuwala kumanja, diso limaona msanga kuti munthuyo anachita kumatidwa. Kutembenuza chithunzi kumakonza kuwalako koma kumasinthanso nkhope: chipsera chimasamukira tsaya lina, mzere wa tsitsi nawo umapita mbali ina. Ndi bwino kusankha chithunzi china cha ukwati chomwe kuwala kwake kukugwirizana. Wokonza amadula malemuwo ndi layer mask, kufewetsa m'mbali mwa tsitsi, ndi kuika mthunzi wochepa pamene phewa lawo lakumana ndi la mnzawo. Chithunzi cha foni chimaoneka bwino kuposa chakale, choncho chatsopanocho ndicho chimafewetsedwa pang'ono. Mitundu ikakana kugwirizana, zonse ziwiri zimasandutsidwa zakuda ndi zoyera.

Pali nthawi zina pamene kuimika malemu pakati pa amoyo sikoyenera. Nkhope ikakhala yaing'ono kwambiri, kapena wina m'banja akaona kuti chithunzi chotere chikudzutsa chisoni, pali njira ina yofatsa: chithunzi chakalecho chimaikidwa m'fulemu yopachikidwa pa khoma kumbuyo kwa banja, kapena m'manja mwa mmodzi wa ana. Njirayi sinamiza aliyense ndipo siifuna kuti kuwala kufanane ndendende. N'chifukwa chake mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana onse ayenera kufunsidwa ntchito isanayambe, ndiponso kuonetsedwa chithunzicho chisanasindikizidwe kapena kutumizidwa kwa anthu ena.

Kumbuyo kwa chithunzi chomalizidwa kulembedwe zaka zimene zithunzi ziwirizo zinajambulidwa, kuti zidzukulu zisadzaganize kuti agogo awo analipo pa tsikulo. Chithunzi choyambirira chija chimabwezedwa kwa eni ake osachidula kapena kuchilemba, ndipo chimasungidwa pouma, kutali ndi dzuwa.