Akukanizani penshoni ya amuna anu chifukwa mulibe chikalata cha ukwati? Lembani kalata yodandaula

Mwina inu, kapena mayi amene mumakhala naye moyandikana m'kalasi ya akuluakulu, munalandirapo yankho lotere kuchokera ku ofesi: pempho lanu silinatheke chifukwa palibe chikalata cha ukwati. Amayi amasiye ambiri akamva mawu amenewa amangopinda pepalalo, nkuliika pansi pa mphasa. Komatu yankho loyamba si lomaliza. Lamulo limakulolani kudandaula mwa kulemba kalata.

Tiyerekeze mayi wina wa ku Ntengo wa Mbalame, m'boma la Tsangano. Amuna awo ankagwira ntchito pa kampani ina ku Furankungo, ku Makanga. Mwezi uliwonse ankadulidwa 3 pa 100 iliyonse ya malipiro awo, abwana nkuwonjezapo 4, zonse nkupita ku INSS, bungwe la boma losunga ndalama za penshoni za anthu apantchito. Bamboyo atamwalira, mayi anakapempha penshoni ya otsala. Anapereka chikalata cha imfa, bilyete yawo ndi makalata a kubadwa kwa ana. Cha ukwati analibe. Iwo anakwatiwa kudzera kwa ankhoswe mu 1991, ali kothawa nkhondo ku Ntcheu, ku Malawi, ndipo atabwerera kwawo nkhondo itatha mu 1992, palibe anaganizako zopita kukalembetsa. Ndani akanaganiza za mapepala nthawi imeneyo, anthu akumanganso nyumba pa mabwinja?

Musanagwire cholembera, dziwani kaye chifukwa chimene chikalatacho palibe, pakuti njira zake ndi zosiyana.

Ngati munamangitsa ukwati ku ofesi ya kalembera, ija timati Rejisitu Sivili, ndipo pepala linangotayika kapena kudyedwa ndi chiswe, nkhani yanu ndi yaifupi. Pitani ku ofesi imene munalembetsako, mutchule maina anu awiri ndi chaka, mupemphe chikalata china.

Ngati ukwati wanu unali wa kutchalitchi kapena wa kwa ankhoswe, mvetsani ichi. Lamulo la Banja la dziko lathu, la nambala 22 la chaka cha 2019, limavomereza ukwati wa mitundu itatu: wa kuboma, wa chipembedzo ndi wa mwambo. Koma wa chipembedzo ndi wa mwambo umafunika kuti ulowetsedwe m'kaundula wa boma. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Iwo amadziwa kuti abusa anadalitsa, ankhoswe analipo, mudzi wonse unadya nsima. Zonsezo nzoona, koma wa mu ofesi amayang'ana m'buku la boma, ndipo dzina lanu mulibe.

Kwa mayi wathu uja, khomo limene latsala ndi lachitatu. Lamulo lomwelo limazindikira mwamuna ndi mkazi amene akhala pamodzi ngati banja kopitirira zaka 3 popanda kulembetsa. Pa Chipwitikizi amati uniyau di fakitu. Lamulo lakale la 2004 linkati chaka chimodzi, choncho musadabwe mukamva ena akutchulabe chimodzi. Mayiyu anakhala ndi amuna awo zaka zoposa 30. Ntchito ya kalata yake ndi kuonetsa zimenezi ndi umboni.

Ndimaona kawirikawiri, pophunzitsa aphunzitsi a sukulu za akuluakulu, kuti tikati tilembe kalata yodandaula, anthu amadzaza tsamba lonse ndi mavuto: njala, feteleza wakwera, ana alibe makope. Mavutowo ndi enieni, koma sindiwo anakanitsa pempho. Ofesi inatchula chifukwa chimodzi, ndipo kalata iyankhe chifukwa chomwecho. Nayi mmene ingamvekere m'chinenero chathu.

"Kwa Mkulu wa INSS m'chigawo cha Tete. Ine, wakutiwakuti, wa bilyete nambala yakuti, wokhala ku Ntengo wa Mbalame, m'boma la Tsangano, ndine mkazi wamasiye wa malemu akutiakuti, amene nambala yawo ya INSS ndi yakuti. Pa tsiku lakuti ndinalandira yankho lakuti pempho langa la penshoni ya otsala lakanidwa chifukwa palibe chikalata cha ukwati. Ndikuvomera kuti ukwati wathu sunalembedwe kuboma. Koma tinakhala nyumba imodzi monga mwamuna ndi mkazi kuyambira 1991 mpaka tsiku la imfa yawo, osalekana, ndipo tinabereka ana anayi. Ndikupempha kuti muonenso pempho langa monga la munthu amene anali pa banja losalembetsa lozindikiridwa ndi Lamulo la Banja. Ndaphatikiza mapepala awa." Kenako mutchule pepala lililonse, mulembe malo ndi tsiku, musayine.

Taonani kuti mayiyu sakubisa kanthu. Akanalemba kuti chikalata chinatayika pamene sichinakhalepo, akanauzidwa kuti akatenge china, ndipo akanabwerako chimanjamanja atawononga ndalama ya galimoto.

Mapepala ophatikizawo ndiwo amanyamula kalata. Loyamba ndi kalata ya umboni yochokera kwa akuluakulu a boma a kumene munkakhala. Yambirani kwa amfumu kapena kwa mlembi wa mudzi, amene amakudziwani, ndipo umboni wawo mupite nawo ku ofesi ya lokalidadi kapena ya positu kuti akulembereni kalata yodindidwa. Tengani mboni zokhala ndi mabilyete. Ankhoswe ngati ali moyo ndiwo abwino koposa, makamaka wa kuchimuna. Makalata a kubadwa kwa ana amathandizanso, chifukwa amaonetsa maina a bambo ndi mayi pamodzi ndi zaka. Ngati mpingo unakulembani m'buku lake, pemphani kalata kumeneko. Mukauzidwa kuti umboni wa kumudzi sukukwana popeza mwamunayo anamwalira kale, nkhaniyo ingapite kukhoti kuti woweruza atsimikize banja lanu. Pamenepo funsani a IPAJ, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu kwaulere.

Yang'anitsitsani maina. Kuno kumalire munthu mmodzi amatha kulembedwa mwa Chipwitikizi pa bilyete, mwa Chichewa pa kalata ya mpingo ya ku Malawi. Ngati malembedwe asiyana, kalata ya umboni inene poyera kuti ndi munthu yemweyo.

Pali malire amene ndiyenera kukuuzani. Banja losalembetsa limene lamulo limazindikira ndi la mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, onse omasuka kukwatirana. Ngati bambo uja anali ndi mkazi wina ku Furankungo amene anamanga naye ukwati kuboma ndipo sanasudzulane, kalata iyi payokha singakwanitse. Koma gawo la ana ndi nkhani ina. Ana amasiye osakwana zaka 18 amadalira makalata a kubadwa kwawo, osati chikalata cha ukwati wa makolo awo, choncho muwatchule m'kalatamo.

Kalata yopita ku ofesi ilembedwe m'Chipwitikizi. Amene akukulemberani akuwerengereni mawu onse m'Chichewa musanasayine kapena kudinda chala. Musachedwe, chifukwa kudandaula kuli ndi masiku ake owerengeka. Tsiku lomwe mwalandira yankho, funsani kuti ndi angati. Ngati anakukanizani pakamwa pokha, pemphani kuti alembe, pakuti simungadandaule bwino pa chifukwa chimene sichili pa pepala.

Pitani ndi makope awiri ku ofesi imene munaperekako pempho loyamba. Imodzi muwasiyire. Inayo adindepo chidindo ndi tsiku, mubwerere nayo kunyumba, muisunge m'pulasitiki pamodzi ndi bilyete yanu.