Wina akuti chotsani, wina akuti wonjezerani: mlembi amvere ndani?

Munthu akamaliza kafukufuku, kaya ndi wa zaulimi ku Bunda kapena wa zaumoyo ku Blantyre, zotsatira zake sizingotuluka ngati nkhani ya m'nyuzipepala. Amalemba pepala n'kulitumiza ku magazini ya akatswiri, monga Malawi Medical Journal kapena ina yakunja. Mkonzi wa magaziniyo amalipereka kwa akatswiri anzake a mlembiyo, kawirikawiri awiri kapena atatu, kuti aliwunike. Nthawi zambiri mlembi sawadziwa owunikawa. Pakompyuta amangoona Reviewer 1 ndi Reviewer 2. Nawonso owunikawo sakhala pansi kuti agwirizane chimodzi. Aliyense amawerenga payekha, mwina wina ali ku Nairobi mnzake ali ku Ulaya, ndipo amatumiza ndemanga zake asanaone za mnzake. N'chifukwa chake si zachilendo kuti kalata ya mkonzi ibwere ndi mawu akuti Major revision, kutanthauza kuti pepalalo likonzedwe kwambiri, koma ukawerenga pansi n'kupeza kuti owunika awiriwo akukukokera kosiyana.

Tiyerekeze ndi mayi wina wochita kafukufuku wa mbewu. Kwa zaka ziwiri anayesa njira ziwiri pa minda yomweyo: chimanga chokha, ndi chimanga chosakaniza ndi nandolo. Chaka choyamba mvula inagwa bwino. Chaka chachiwiri kunagwa ng'amba chimanga chikumasula, ngati ija inasautsa chigawo cha kummwera mu 2015/16. M'pepala lake anaphatikiza zaka ziwirizo n'kulemba kuti pa hekitala imodzi chimanga chokha chinapereka matumba 40 a makilogalamu 50, pomwe chosakaniza chinapereka 44. Magazini amafuna matani, koma tiyeni tiwerenge m'matumba kuti tione bwino.

Wowunika woyamba analemba kuti chaka cha ng'ambacho chichotsedwe, chifukwa chikusokoneza kuyerekeza. Wachiwiri analemba kuti chaka cha ng'ambacho ndicho mtima wa pepala lonse, chikuzidwe, ndipo ngakhale mutu wa pepala usinthe kuti uzinena za kupirira chilala.

Ambiri akafika apa amafuna kusangalatsa onse. Amadulako pang'ono za chaka chachiwiri kuti woyamba aone kuti amveredwa, n'kuwonjezera ndime imodzi ya chilala kuti wachiwiri asadandaule. Mapanga awiri avumbwitsa. Pepala lotere limabwerera m'manja mwa owunika omwewo, ndipo aliyense amapeza kuti chimene chinamuvuta chikadalipo, kungoti tsopano chasakanizika ndi za mnzake.

Choyamba kuchita n'kuwerenganso kalata ya mkonzi, osati ndemanga za owunika. Owunika amalangiza, woweruza ndi mkonzi. Akonzi ena amanena poyera kuti pa nkhani yakutiyakuti tsatirani wowunika wachiwiri. Ena amangoloza ndi chala, monga kulemba kuti mlembi asamale kwambiri za kusiyana kwa nyengo. Ngati mkonzi wasankha kale mbali, ntchito yachepa. Koma ambiri, poti ali ndi mapepala ochuluka patebulo, amangomata ndemanga zonse n'kutumiza. Mayi wathuyu tinene kuti anagwa m'manja mwa wotere.

Ndiye pamafunika kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene zimabwera zitalukana m'ndemanga iliyonse: chimene chamuvuta wowunika, ndi mankhwala amene iye akuganiza kuti angathetse vutolo. Pa vuto, wowunika salakwa kawirikawiri, chifukwa ngati katswiri wapunthwa pa ndime ina, owerenga enanso adzapunthwa pomwepo. Pa mankhwala ndiye amatha kuphonya, poti kafukufukuyo sanachite ndi iye ndipo manambala onse sanawaone.

Mayiyu atatsegulanso manambala ake chaka ndi chaka, anaona izi. Chaka cha mvula yabwino, chimanga chokha chinapereka matumba 60, chosakaniza 56. Chaka cha ng'amba, chokha chinapereka 20, chosakaniza 32. Choncho 40 ndi 44 zija palibe munda umene unazikolola. Chaka china kusakaniza kunatsalira pang'ono, chaka china kunapambana kutali, ndipo kuphatikiza kunabisa zonse ziwiri. Wowunika woyamba anaona kuti nambala yophatikizayo yapendekeka chifukwa cha ng'amba, n'kunena kuti chotsani chakacho. Wachiwiri anaona kuti pansi pa nambala yomweyo pakwiririka nkhani yaikulu, n'kunena kuti ifukuleni. Onse anapunthwa pa tebulo limodzi la manambala. Mankhwala okha ndiwo anasiyana.

Izi zimachitika kawirikawiri kuposa mmene olemba amaganizira. Wina akati fupikitsani gawo ili, mnzake n'kuti litalikitseni, nthawi zambiri ndiye kuti gawolo silikuoneka ntchito yake: woyamba waona kuti n'lopanda pake, wachiwiri waona kuti silinamalizidwe. Chizindikiro chake n'chakuti ndemanga zonse ziwiri zikuloza tsamba limodzi, tebulo limodzi kapena chiganizo chimodzi.

Mayiyu anakonza motere. Anagawa tebulo lija kuti chaka chilichonse chiime pachokha. Anaikamo mvula imene inagwa mwezi ndi mwezi, kuti wowerenga aone yekha pamene ng'amba inagwera. Anawerengetsanso manambala pofuna kuona ngati ubwino wa kusakaniza ukusinthadi malinga ndi chaka, kapena ngati kusiyanako kungakhale kwamwayi chabe. Akatswiri a zaulimi amayembekeza kuti mayeso amenewa achitike munthu asanaphatikize zaka kapena malo osiyana, ndipo iye anali atawadumpha.

Komabe panatsala mbali imene sakanamvera aliyense mwa awiriwo, ndipo apa m'pamene mlembi amafunika kulimba mtima. Kuchotsa chaka chachiwiri sakanavomera. Kafukufukuyo anakonzedwa kuti akhale wa zaka ziwiri, ndipo kutaya theka la zotsatira utaziona kale n'kusankha zokukomera, chinthu chimene magazini abwino amadana nacho. Ng'ambanso si ngozi yachilendo kwa mlimi wa kuno. Koma kusintha mutu wa pepala kuti uzinena za kupirira chilala sakanavomeranso. Chaka cha ng'amba chinali chimodzi chokha, ndipo chinalinso chachiwiri pa minda yomweyo. Nandolo amayoyola masamba ndipo mizu yake imasiya chonde m'nthaka, moti chimanga cha chaka chotsatira chimatha kupindula ngakhale mvula itagwa bwino. Ndiye matumba 12 owonjezerawo anabwera chifukwa cha chiyani: nthaka yosunga chinyezi, kapena chonde chotsala cha chaka chatha? Ndi mmene mindayo inayalidwira, palibe njira yolekanitsira ziwirizi. Analemba zimenezi m'pepalamo momveka, pa gawo lonena za malire a kafukufukuyo.

Tsopano kalata yoyankha. Pepala lokonzedwa limabwerera limodzi ndi kalata imene mlembi amakopera ndemanga iliyonse n'kuyankha pansi pake, kutchula tsamba ndi mzere umene wasintha. Magazini ambiri amafunanso kope loonetsa zosinthazo, monga la Track Changes mu Word. Chimene olemba atsopano sadziwa n'chakuti m'magazini ambiri wowunika aliyense amaona kalata yonseyo, ndi mayankho opita kwa mnzake omwe. Amene amauza woyamba kuti tachepetsa za chaka chachiwiri, n'kuuza wachiwiri kuti tazikuza, amagwidwa tsiku lomwelo.

Choncho kusiyanako kumayenera kutchulidwa poyera, kawiri kapena katatu: m'mawu oyamba opita kwa mkonzi, ndi pansi pa ndemanga ya wowunika aliyense. Kalatayo imalembedwa m'Chingerezi, koma mfundo za mayiyu kwa wowunika woyamba zinali izi: tikuvomereza kuti kuphatikiza zaka ziwirizi kunasokoneza zotsatira, wowunika wachiwiri wapempha kuti chaka chomwechi chikuzidwe, ife tasankha kuchisunga koma tachilekanitsa, onani tebulo lachitatu ndi mvula imene taonjeza, sitinachichotse chifukwa chinali m'dongosolo la kafukufuku kuyambira pachiyambi. Kwa wachiwiri analemba mofananamo, n'kufotokoza chifukwa chimene mutu wa pepala sunasinthire.

Taonani kuti sananene kuti wachotsa kapena wasunga chifukwa mnzanu watero. Kubisala kumbuyo kwa wowunika mmodzi n'kofala, koma n'kofooka. Wowunika amene wakanidwayo amangoyankha kuti mnzangayo walakwitsa, ndipo nkhani imabwerera pomwe inayambira. Chifukwa chimene mlembi akupereka chiyenera kuchokera m'kafukufukuyo, choti chikanaima ngakhale wowunika winayo kukanakhala kulibe. Kungokhala chete pa ndemanga imene sukuifuna ndiye koipitsitsa. Owunika amawerenga ndemanga zawo imodziimodzi, ndipo yodumphidwa ndi imene amayamba kuiona.

Ilipo mikangano ina imene kulekanitsa tebulo sikungaithetse. Mwina wowunika wina akufuna kuti manambala awerengetsedwe mwa njira iyi, wina mwa njira ina, ndipo zonse n'zovomerezeka. Apa ambiri amasunga m'pepala njira imene anailonjeza asanayambe kafukufuku, n'kuyesanso inayo, zotsatira zake n'kuziika m'zowonjezera zimene magazini amaika pa intaneti. Njira zonse zikapereka yankho lofanana, mkangano watha ndipo pepala lalimba. Zikasiyana, mlembi alibe ufulu wosankha yomukomera n'kubisa inayo. Ayenera kunena kuti yankho likudalira njira yowerengetsera.

Nanga kulembera mkonzi kumufunsa? N'kololedwa, ndipo si mwano. Koma kumayenera pamene kusankha kolakwika kungadye miyezi kapena ndalama, monga ngati wina akufuna kuti ubwerere kumunda chaka china pomwe mnzake akuti zomwe zilipo n'zokwanira. Kalatayo ikhale yaifupi, itchule ndemanga ziwirizo ndi manambala ake, inene njira imene mlembi akufuna kutsata ndi chifukwa chake, kenaka ifunse ngati mkonzi akuvomereza. Funso lakuti ndichite chiyani limakhalitsa osayankhidwa, pomwe lakuti ndikufuna kuchita chakuti, kodi mukuvomera, mkonzi angaliyankhe ndi mzere umodzi. Ngati tsiku lobwezera pepala layandikira, m'kalata yomweyo mlembi apemphe masiku owonjezera tsikulo lisanadutse. Ndipo ngati pepalalo lili ndi olemba angapo, onse agwirizane kaye, chifukwa yankho limapita m'dzina la onse.

Zikatere si kuti owunika onse akhutira. Pepala la mayiyu likabwerera kwa iwo, woyamba akhoza kuumirirabe kuti chaka cha ng'amba chichoke. Pamenepo mkonzi amawerenga zifukwa za mbali zonse n'kugamula yekha, kapena amaitana wowunika wachitatu. Wachitatuyo kawirikawiri amalandira pepala lokonzedwa pamodzi ndi kalata yoyankha ija, choncho mayiyu ayenera kuilemba moti munthu amene sanaone pepala loyamba athe kutsata mkangano wonse: pamene 40 ndi 44 zinachokera, chifukwa chimene zinagawidwira, ndi chimene matumba 12 aja sangatsimikize.