Kiyibodi imodzi, foni ndi tabuleti: nkhani yagona pa mabatani atatu

Wophunzira wa pa Universidade Rovuma ku Lichinga amene amalemba ntchito ya m'kalasi pa tabuleti, kwinaku akuyankha mauthenga a WhatsApp pa foni, safunika makiyibodi awiri. Imodzi ya Bluetooth ndi yokwanira, bola ikhale yotha kukumbukira zipangizo zingapo. Apa ndi pomwe ambiri amaluzira ndalama. Makiyibodi ambiri otchipa amakumbukira chipangizo chimodzi chokha, moti ukailumikiza ku tabuleti, foni yaiwalika, ndipo pobwerera uyenera kuyambanso. Choncho pogula, funso loyamba lisakhale la mtundu kapena kupyapyala. Lifunse kuti ili ndi mabatani angati osinthira zipangizo.

Titengere Logitech K380, yomwe ili ndi mabatani atatu oterewa pamzere wapamwamba, pa F1, F2 ndi F3. Tsegulani Bluetooth pa foni, kenako dinani F1 osachotsa chala kwa masekondi atatu, mpaka kanyali kayambe kuphethira mofulumira. Dzina la kiyibodiyo lioneka pamndandanda wa zipangizo pa foni. Mukaligunda, foni ikhoza kuonetsa manambala. Amenewo alembeni pa kiyibodiyo, osati pa foni, ndipo mumalize ndi Enter. Tabuleti muichite chimodzimodzi koma pa F2. Ntchitoyi ndi ya kamodzi kokha. Kuyambira pamenepo, kudina F1 kamodzi n'kuchotsa chala kumakupititsani ku foni, F2 ku tabuleti. Makiyibodi ena amagwiritsa ntchito Fn pamodzi ndi 1, 2 kapena 3, koma nzeru yake ndi yomweyo.

Ena amati kusinthaku n'kosadalirika, kiyibodi imangotaya foni popanda chifukwa. Chifukwa chimakhalapo, ndipo kawirikawiri ndi chala. Batani lomwelo lili ndi ntchito ziwiri: kudina pang'ono ndi kusintha, kukanikiza nthawi yaitali ndi kuuza kiyibodi kuti ifunefune chipangizo chatsopano. Munthu wothamanga akaona kuti zilembo sizikubwera amakanikiza kwambiri, ndiye waisokoneza yekha. Kanyali ndi kamene kamaulula: kakamaphethira pang'onopang'ono, kiyibodi ikufunafuna chipangizo chomwe ikuchidziwa kale, mwina Bluetooth ya chipangizocho ndi yozima, kakamaphethira mofulumira, ikudikira kulumikizidwa mwatsopano. Zikakanika kubwerera, chotsani dzina la kiyibodi pamndandanda wa foni, mulumikizenso. Dandaulo loona ndi lakuti kusintha sikuchitika nthawi yomweyo. Pamadutsa kamphindi, makamaka kiyibodi ikakhala kuti inagona posunga mabatire, ndipo zilembo zoyamba zimatha kusowa. Mankhwala ake ndi kudikira kanyali kasiye kuphethira musanayambe kulemba.

Kwa wolemba wa ku Lichinga pali vuto lina lomwe ambiri amaliyesa kuwonongeka kwa kiyibodi. Kalata za boma ndi ntchito za sukulu zimalembedwa m'Chipwitikizi, chomwe chimafuna ç, ã ndi õ, pomwe makiyibodi ambiri obwera kudzera ku Malawi kapena ku South Africa ali ndi zilembo zoyalidwa Chingelezi. Kiyibodi situmiza chilembo, imangonena batani lomwe ladinidwa, ndipo foni kapena tabuleti ndi imene imasankha chilembo chotuluka. N'chifukwa chake batani la kumanja kwa L likhoza kutulutsa ç pa tabuleti koma ; pa foni. Pa Android, kiyibodi ili yolumikizidwa, funani Physical keyboard mu Settings, kapena Teclado físico ngati foni ili m'Chipwitikizi, musankhe chiyankhulo chimodzimodzi pa zipangizo zonse ziwiri. Mukakonza chimodzi chokha, zala zizisokonezeka nthawi iliyonse mwasintha.

Nanga bwanji osangogula kiyibodi wamba ya waya ndi kachingwe ka OTG? N'zotchipa ndithu, ndipo kwa wolembera pa chipangizo chimodzi palibe cholakwika. Koma kiyibodi yotere imadya moto wa foni, imatseka polowera tchaja, ndipo kuzula ndi kulumikiza tsiku lonse kumakhwefula polowerapo. K380 imayendera mabatire awiri a AAA omwe amakhala miyezi yambiri, choncho magetsi akazima siwonjezera mtolo pa foni kupatula kamoto kochepa ka Bluetooth.

Malire ake adziwike. Batani limasamutsa zala zokha, osati mawu: zomwe mwakopera pa tabuleti sizifika pa foni chifukwa mwadina F1. Ndiponso foni ikamagawira tabuleti intaneti ya Movitel kapena Vodacom pa 2.4 GHz, Bluetooth imayendanso pamafunde omwewo, ndipo zilembo zikhoza kuchedwa. Ngati zipangizo zonse zikulola, sankhani 5 GHz. Musanapereke ndalama kwa wogulitsa, lumikizani foni ndi tabuleti yanu pomwepo, musinthe kangapo, mulembe ç pa zonse ziwiri. Ikakanika pamenepo, isiyeni.