Chingwe, kanthu kolemera ndi wotchi: kodi yankho lathu tilikhulupirire mpaka pati?

Ana asukulu ambiri amene anaphunzirapo fizikisi amaidziwa pendulamu: kachitsulo kozungulira komangiriridwa ku chingwe, kamene kamapita uku ndi uku. Ndi zipangizo zochepa chonchi munthu atha kuyeza mphamvu imene dziko limakokera nayo zinthu pansi, yomwe imalembedwa ndi chilembo g. Fomyula yake ndi iyi: g = 4π²L/T². Apa L ndi kutalika kwa pendulamu, ndipo T ndi nthawi imene kachitsuloko kamatenga kuti kapite ndi kubwerera kamodzi. Kupeza yankho sikuvuta. Chimene chimafuna kuganiza ndi kunena kuti yankholo lingaphonye ndi zingati.

Tiyerekeze kuti wophunzira wayeza L n'kupeza mita 1.000. Kenako wawerenga maulendo 20 a pendulamu ndi wotchi, ndipo wachita zimenezi kasanu. Masekondi amene wapeza ndi 40.1, 40.3, 40.0, 40.2 ndi 40.4. Avereji yake ndi 40.2, kutanthauza kuti T ndi masekondi 2.010, ndipo g akutuluka 9.77 m/s².

Manambala asanuwo sakufanana chifukwa chala nthawi zina chimafulumira, nthawi zina chimachedwa. Uku ndi kuphonya kosinthasintha, ndipo ubwino wake ndi wakuti kumadzionetsa kokha. Kubalalika kwa manambalawa, tikakuwerengera mwa njira ya masamu, ndi sekondi 0.16. Koma ife tikugwiritsa ntchito avereji, ndipo mu avereji kufulumira ndi kuchedwa zimafafanizana. N'chifukwa chake timagawa 0.16 ndi sikweya ruti ya 5, chiwerengero cha maulendo amene tayeza, n'kupeza sekondi 0.07.

Kuphonya kwina sikuoneka m'manambala ngakhale muwayang'anitsitse chotani. Munthu wina ali ndi chizolowezi choyamba wotchi msanga pang'ono ndi kuiimitsa mochedwa pang'ono, ulendo uliwonse. Manambala ake onse amapendekera mbali imodzi, ndipo avereji imapendekeranso komweko. Uku ndi kuphonya kokhazikika. Kukula kwake sitikupeza pobwereza kuyeza. Timakuyerekeza kuchokera ku zimene tikudziwa za chipangizo ndi za woyezayo, kapena poyerekeza ndi zimene wapeza munthu wina ndi wotchi ina. Tinene kuti apa ndi sekondi 0.10.

Tsono zikayiko ziwirizi, 0.07 ndi 0.10, tiziphatikiza bwanji? Kungowonkhetsa kuti tipeze 0.17 n'kuganiza kuti kuphonya konseko kudzagwera mbali imodzi nthawi imodzi, pamene zoyambitsa zake sizigwirizana. Njira yovomerezeka ndi kuchulukitsa chilichonse ndi chokha, kuwonkhetsa, kenako kutenga sikweya ruti: √(0.07² + 0.10²) = 0.12. Zili ngati munthu woyenda mapazi 7 kummawa kenako mapazi 10 kumpoto: wataya mapazi 17, koma kuchokera pamene anayambira watalikira mapazi 12 okha. Buku la malangizo a kayezedwe limene mabungwe a padziko lonse anatulutsa mu 1993 limaphatikiza mwa njira yomweyi zikayiko zochokera ku kubwereza ndi zochokera ku kulingalira, bola zonse zilembedwe pa muyeso umodzi.

Kutalika nako kuli ndi zikayiko ziwiri. Kuwerenga tepi mobwerezabwereza kungasiye chikayiko cha milimita 1. Koma L sathera pamwamba pa kachitsulo, amathera pakati pake, pamene tepi singafike, ndiponso tepi yakale imatha kufutukuka. Izi tiziike pa mamilimita 3. Kuphatikiza mwa njira ija kukupereka mamilimita 3.2.

Pano tili ndi masekondi ndi mamilimita, zinthu zosawonkhetseka. Fomyula ikakhala ya kuchulukitsa ndi kugawa, timasandutsa chikayiko chilichonse kukhala peresenti ya chinthu chake. Mamilimita 3.2 pa 1,000 ndi 0.32 peresenti. Sekondi 0.12 pa 40.2 ndi 0.30 peresenti, ndipo peresentiyi sisintha tikagawa ndi 20 kuti tipeze T. Manambala 4 ndi π sabweretsa chikayiko chifukwa sitinawayeze.

Poona mapesenti awiriwa munthu anganene kuti tepi ndi wotchi zikulakwitsa mofanana. Sichoncho, ndipo chifukwa chake ndi ka 2 kamene kali pamwamba pa T. Chulukitsani 1.01 ndi 1.01: mupeza 1.0201. Kuphonya kwa 1 peresenti kwasanduka 2 peresenti. T² ndi T kuchulukitsa ndi T yemweyo, choncho T woyamba akakwera, wachiwiri wakweranso; palibe kufafanizana kulikonse. Lamulo lake ndi lakuti peresenti ichulukitsidwe ndi nambala ya pamwambayo. Ikakhala 3, monga momwe zimakhalira powerengera malo a mkati mwa mpira, chikayiko chimakula katatu. Ikakhala sikweya ruti, chimatsika ndi theka. Zoti T ali pansi pa mzere wogawira zimangosintha mbali imene yankho lapendekera, osati kukula kwa chikayiko.

Choncho wotchi ikubweretsa 0.60 peresenti, tepi 0.32 peresenti. Ziwirizi sizidalirana, ndiye tiziphatikizanso ndi sikweya ruti ndipo tipeza pafupifupi 0.7 peresenti. Pa 9.77 imeneyo ndi 0.07. Yankho lolembedwa bwino ndi g = 9.77 ± 0.07 m/s², ndipo kulemba 9.7716 kungakhale kudzitama ndi manambala amene tepiyo sinapereke. Pamtunda wofanana ndi nyanja yamchere, g amayambira pafupifupi 9.78 ku ikweta kufika 9.83 kumapeto a dziko, kotero wophunzira wathu sanasochere. Koma kuyeza kwake sikungasiyanitse malo awiriwo.

Apa mpamene masamuwa amasonyeza phindu lake lenileni, chifukwa amauza munthu pamene ayenera kuikapo khama. Wophunzira wakhama angaganize zobwereza kuyeza nthawi maulendo 100. Chikayiko chosinthasintha chitsika kufika 0.016, koma 0.10 uja sasuntha, ndipo chikayiko cha g chingochoka pa 0.07 kufika pa 0.06. Tsiku lonse lapita, phindu lake n'lochepa. Koma akawerenga maulendo 40 a pendulamu m'malo mwa 20, chala chiphonyabe ndi sekondi 0.12 yomweyo, koma tsopano pa masekondi 80.4. Gawo la wotchi litsika kufika 0.30 peresenti, ndipo chikayiko cha g chifika 0.04. Ndimakhulupirira kuti mphunzitsi aliyense ayenera kupempha ana ake kuchita chiwerengero chimenechi asanagwire n'komwe wotchi.

Njirayi ili ndi malire ake. Sikweya ruti imagwira ntchito pokhapokha zikayiko zili zosadalirana. Mukayeza mulitali ndi mulifupi mwa munda ndi tepi imodzi yofutukuka ndi 1 peresenti, miyeso yonse iwiri ipendekera mbali imodzi, ndipo kukula kwa munda kuphonya ndi 2 peresenti, osati 1.4. Lamulo la mapesenti nalonso limafuna kuti chikayiko chikhale chaching'ono: 1.3 kuchulukitsa ndi 1.3 ndi 1.69, osati 1.60.

Komanso kuphonya kokhazikika kumene mukudziwa kukula kwake ndi mbali yake sikuyenera kubisidwa mu chizindikiro cha ±. Fomyula ya pendulamu imalondola pamene chingwe chikupatuka pang'ono chabe. Mukachikoka madigiri 10, T amatalika ndi pafupifupi 0.2 peresenti, ndipo g amatuluka wochepa ndi 0.4 peresenti, yomwe ndi 0.04 m/s². Izi mumazikonza mu yankho lenilenilo, kapena mumazipewa pokoka chingwe madigiri osapitirira 5, pamene kuphonyako kumatsika kufika pafupifupi 0.1 peresenti ya g.